Kusamutsa nkhani ya filimu kupita pa siteji: ntchito ya kamera muipatsa ndani?

Kuno ku Mangochi kuli achinyamata amene analemba nkhani n'cholinga chojambula filimu, koma ndalama ya kamera, ya mayendedwe ndi ya munthu wolumikiza zithunzi sinapezeke. Ena mwa iwo amaganiza zongotenga nkhaniyo n'kukaionetsa ngati sewero mu holo ya pasukulu kapena pabwalo. Ganizoli ndi labwino, koma ambiri amagwa pa chinthu chimodzi. Amatenga zolemba za filimu zija mmene zilili, kugawana mbali, kuloweza mawu, n'kukwera pa siteji. Oonera amatuluka akufunsana kuti kodi mayi uja amaliriranji.

Chifukwa chake n'chakuti mufilimu kamera ndiyo imasankhira woonera choti aone. Ikafuna kuti muone dzanja likunjenjemera, imayandikira mpaka dzanjalo lidzaze chithunzi chonse, ndipo palibe kwina kumene mungayang'ane. Mu holo mulibe wogwira maso a anthu. Wina akuyang'ana nkhope ya wolankhula, wina mapazi ake, wina mwana amene walowa pakhomo. Ndiye ntchito yonse yosamutsa nkhani yagona pa funso limodzi: chithunzi ichi chimagwira ntchito yanji mufilimu, ndipo pa siteji ntchitoyo ndiipatsa ndani?

Ngati nkhaniyo si yanu, yambani mwapempha chilolezo cholembedwa kwa mwini wake. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza zolemba zotere, ndipo kusintha filimu kukhala sewero kumafuna kuti mwini avomere. Bungwe la COSOMA ndi limene limaona za nkhanizi m'dziko muno.

Kuti tione bwino, tigwiritse ntchito nkhani yongopeka iyi. Che Amidu ndi msodzi wa usipa m'mbali mwa nyanja. M'nyumba mwawo muli chitini chimene akusungiramo ndalama zokonzetsera injini ya boti. Akazi awo, Abiti Saidi, atenga ndalamazo mobisa n'kulipirira mwana wawo Asiyatu fizi ya ku sekondale. Injini sinakonzedwe, choncho Che Amidu alowa panyanja ndi bwato lopalasa m'mwezi wa Juni, nthawi imene mwera umakuntha. Usiku umenewo mphepo ikula, ndipo amayi ndi mwana agona padoko akudikira. Tinene kuti zolembazo ndi masamba 30 ndipo zili ndi zigawo 36.

Yambani ndi cholembera ndi pepala, musanaitane aliyense. Zolemba za filimu zimagawidwa ndi timitu tonena malo ndi nthawi, toyamba ndi INT. ngati zikuchitikira m'nyumba kapena EXT. ngati zili panja. Kawirikawiri tsamba limodzi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, ndiye masamba 30 ndi filimu ya theka la ola. Lembani kamutu kalikonse pamzere wake, ndipo pambali pake lembani chiganizo chimodzi chonena chimene chasintha m'chigawocho. Musalembe zimene zikuoneka. "Amayi akutsuka mbale" n'zooneka chabe. "Amayi amva kuti Asiyatu amubweza kusukulu Lolemba" ndiko kusintha. Mukafika pa chigawo chimene simungathe kuchilembera chiganizo chotere, monga njinga ya kabaza ikuwoloka mlatho wa pa Shire, kapena dzuwa likulowa kuseri kwa mapiri, ikani chizindikiro. Zigawo zotere ntchito yake mufilimu ndi kuuza woonera kumene ali ndi kumupatsa mpata wopuma. Pa siteji zambiri mwa izo zichoka.

Kenaka werengani malo. Nkhani yathu mwina ili ndi malo 9: chipinda, khonde, ofesi ya ahedi, kumsika, kwa makaniko, pamsewu, padoko, pa thandala loyanikira usipa, ndi pakati pa nyanja. Kamera imalumpha kuchoka pamalo ena kufika pena m'kuphethira kwa diso. Inu mukafuna kusintha malo, anthu ayenera kunyamula mipando. Tiyerekeze kuti kusintha kulikonse kukutenga masekondi 30, ndipo mwasintha ka 35. Zimenezo ndi mphindi zoposa 17 anthu akuonera matebulo akukokedwa, m'sewero limene nkhani yake ndi ya mphindi 30. Pofika kachisanu mu holo mwayamba phokoso, mafoni atuluka, ndipo kuwabweza anthu n'kovuta.

Mankhwala ake ndi kuphatikiza. Funsani kuti ndi malo ati amene anthu onse a m'nkhaniyi angafikepo popanda kukakamiza. Kwa ife ndi awiri: khonde la Che Amidu ndi doko. Ofesi ya ahedi ichoke, m'malo mwake Asiyatu afike pakhonde masana atavala yunifolomu, chikwama chili kumsana, nthawi imene anzake akadali m'kalasi. Aliyense wa kuno akaona mwana wa sukulu ali pakhomo nthawi imeneyo amadziwa chimene chachitika, ndipo amayi akangoti, "Akubwezanso?" nkhani yonse ya ku ofesi yatha. Makaniko abwere yekha kudoko kudzafunsa ngati ndalama zakwana. Malo awiriwa akhale pa siteji nthawi yonse: kumanzere mphasa, mpando ndi mtondo, kumanja benchi lalitali ndi ukonde wopachika. Palibe chonyamula sewero likayamba. Munthu akayenda masitepe asanu kuchoka pa mphasa n'kufika pa ukonde, oonera amavomera kuti wafika kudoko, bola ngati ulendo woyamba mwauchita momveka ndipo simukusintha lamulolo pakati pa sewero.

Tsopano tifike pamene pali ntchito yaikulu, pa chithunzi chapafupi. M'zolemba za filimu chigawo chotenga ndalama chingaoneke chonchi:

```
INT. CHIPINDA - USIKU
CLOSE ON: dzanja la Abiti Saidi likutsegula chitini.
CUT TO: nkhope ya Che Amidu ali mtulo.
```

Pa kanema izi n'zokwanira. Zala, ndalama, thukuta pamphumi, maso a mwamuna ali chitsekere. Mu holo, munthu wokhala mamita 15 kapena 20 kuchokera pa siteji saona zala, ndipo diso likagwetsa msozi iye sadziwa. Amaona thupi lonse, kaimidwe kake, ndi mtunda umene uli pakati pa munthu ndi mnzake. Choncho funsani kuti chithunzi chija chimanena chiyani. Chimanena zinthu zitatu: ndalamazi n'zofunika kwambiri, amayi akuopa, ndipo bambo ali pafupi. Chilichonse mwa izi chipezereni njira yake.

Kufunika kwa ndalama kuonetseni kale, sewero likungoyamba. Che Amidu abwere kuchokera kunyanja, akhale pampando, atulutse chitini, aponyemo ndalama ndi kuchigwedeza pafupi ndi khutu, kenaka achikweze pamwamba pa mtanda wa khonde pamene aliyense mu holo akuchiona. Sankhani chitini chachikulu, cha mtundu wowala, ndipo muikemo ndalama zachitsulo kapena timisomali kuti chizimveka. Zilibe kanthu kuti ndalama za injini zikanakhala zamapepala. Chimene mukufuna ndi phokoso limene khutu la woonera liloweze. Achite zimenezi kawiri m'zigawo zoyambirira, ndipo chitinicho chisachoke pamaso pa anthu.

Mantha a amayi apatseni nthawi ndi mtunda. Mufilimu dzanja lili kale pa chitini. Pa siteji ayambire kutali, kumapeto kwa mphasa, ndipo ulendo wokafika pa chitini utenge nthawi. Ayende masitepe awiri, aime. Chitinicho chili pamwamba, ndiye ayenera kukwera pa mtondo kuti achifikire, ndipo munthu wokwera pamwamba pa siteji maso onse amapita kwa iye. Akachitsitsa chilire pang'ono, iwo aume nacho m'manja.

Bambo nawo asakhale kuseri. Agone pomwepo pa mphasa, pakati pa amayi ndi chitini, kuti amayi achite kuwalambalala. Chitini chikalira, Che Amidu atembenuke m'tulo. Apa siteji ikuposa kamera, chifukwa filimu imakuonetsani dzanja kenaka nkhope, chimodzi pambuyo pa chinzake, pamene mu holo anthu akuona onse awiri nthawi imodzi ndipo akudziyezera okha kuti patsala pang'ono bwanji kuti agwidwe. Ine ndimaona kuti chigawo ichi chikakonzedwa bwino chimakoma pa siteji kuposa pa kanema.

Phindu la phokoso lija limabwera mawa lake. Che Amidu atsitsa chitini, achigwedeza monga mwa masiku onse, ndipo zii. Palibe amene akufunika kufotokoza. Asafulumire kulankhula. Achigwedezenso, ayang'ane akazi awo amene akupeta ufa osadzutsa mutu, ndiyeno afunse motsitsa mawu: "Make Asiyatu, m'nyumba muno munalowa mlendo?" Amayi ayankhe maso ali pa lichero: "Mlendo wake uti, bambo?"

Cholakwika chofala apa ndi kulowetsa mawu pamalo pa chithunzi chilichonse chimene chatayika. Wolemba amaopa kuti anthu samva, ndiye amawapatsa amayi mawu oti, "Ndikuopa kwambiri, koma nditenga ndalamazi chifukwa mwana wanga akufunika fizi." Mukamva munthu pa siteji akunena zimene thupi lake likuchita kale, dulani mawuwo. N'zoona kuti sewero limadalira mawu kuposa filimu, ndipo zigawo zanu zidzatalika ndi zokambirana. Koma mawu owonjezerawo akhale a munthu amene akufuna kanthu kwa mnzake, monga kubisa, kupempha, kapena kukana, osati ofotokozera oonera.

Pali funso lina limene limabuka anthu akachuluka pa siteji: mudziwa bwanji kuti oonera akuyang'ana munthu woyenera? Maso a anthu amatsata chimene chikuyenda pamene zina zaima, amatsata amene ali pamwamba kapena patsogolo, ndipo koposa zonse amatsata kumene anthu a pa siteji akuyang'ana. Padoko pakakhala amayi asanu ndipo mukufuna kuti holo yonse ione Asiyatu, asanuwo aleke zimene akuchita n'kutembenukira kwa iye. Mmodzi yekha akapitiriza kumanga chitenje chake kumbuyoko, watenga theka la holo. Muwauze anzanu poyera kuti kuima chilili ndi ntchito, ndipo kumafuna kuyeserera ngati mawu.

Nanga nyanja? Apa m'pamene magulu ambiri amataya ndalama ndi nthawi. Amajambula mafunde pa nsalu yaikulu, ena amafuna kukokera bwato lenileni mu holo. Oonera a ku Mangochi nyanja amaidziwa kuposa wojambula aliyense, ndipo nyanja ya penti saikhulupirira. Chimene amakhulupirira ndi thupi la munthu wodziwa kupalasa. Benchi lija likhale bwato. Che Amidu akhalepo chotang'adza, nkhafi yeniyeni ili m'manja, ndipo kapalasidwe kake kakhale koona. Ngati wochita mbaliyi sanapalasepo, mupite naye kudoko akaphunzire kwa asodzi mmene msana umapindikira, mmene amasinthira mbali, ndi mmene munthu amakapira madzi m'bwato ndi chigubu chodula. Akalakwitsa izi, ana a m'mbali mwa nyanja adzaseka pamene mumafuna kuti agwire mtima.

Mphepo ndi mafunde zipatseni kwa anthu ndi mawu. Anthu anayi agwire nsalu yaitali ya buluu kapena zitenje zolumikiza, awiri uku awiri uku, patsogolo pa benchi. Poyamba nsaluyo ingogwedezeka pang'ono m'munsi mwa maondo, ndipo mwera ukamakula izikwera mpaka izibisa msodzi n'kumuonetsanso. Ng'oma imodzi kuseri ipereke kugunda kwa mafunde, ndipo mchenga kapena mpunga wozunguzidwa m'lichero umamveka ngati madzi akusefukira pagombe. Aliyense wa kuno amadziwa mzere wa nyali za asodzi a usipa umene umaoneka panyanja usiku. Anthu atatu kapena anayi ataima kumbuyo ndi matochi ang'onoang'ono akupatsani chithunzi chimenecho, ndipo matochiwo akamazima limodzilimodzi, oonera amva kuti mabwato ena athawira kumtunda ndipo Che Amidu atsala okha. Nyali ya moto weniweni musalowe nayo mu holo yodzaza anthu ndi nsalu zikuuluka. Ubwino wina wa matochi, ng'oma ndi lichero ndi wakuti magetsi akazima sewero limapitirira.

Njira imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College ku Zomba linkaonetsa masewero m'mabwalo ndi m'masukulu ndi katundu wochepa kwambiri, ndipo nthano za agogo athu zakhala zikutiyendetsa m'nkhalango ndi m'mitsinje ndi mawu ndi nyimbo basi.

Usiku wa mphepo, filimu ikanadumphadumpha pakati pa nyanja ndi doko: masekondi atatu bambo akulimbana ndi funde, masekondi atatu amayi akuyang'ana mumdima, kubwereranso. Pa siteji musayese kuthamanga chonchi pozimitsa ndi kuyatsa magetsi, chifukwa maso a anthu amatopa ndipo ochita sewero amasokonezeka. Ikani zonse ziwiri poyera nthawi imodzi, bambo pa benchi kumanja, amayi ndi mwana kutsogolo kumanzere akuyang'ana pamwamba pa mitu ya oonera ngati kuti nyanja ili kumeneko. Asayang'ane ku benchi ngakhale kamodzi, pakuti akatero mtunda wonse wa pakati pawo watha. Ndiyeno muzipatsana mpata. Ng'oma ikakwera, mbali ya nyanja ndiyo ikuyenda ndipo amayi aima duu. Ng'oma ikatsika, nsalu ichepetse, msodzi apalase mwakachetechete, ndipo mawu apite kwa a padoko. Mpata uliwonse ukhale wautali, theka la mphindi kapena kuposa, kuti anthu akhazikike m'mbali imodzi asanapite ku inzake. Pamenepa m'pamene Asiyatu angafunse, "Amayi, fizi ija munaitenga kuti?" bambo ake akuoneka chapomwepo akukapa madzi. Mufilimu funsoli likanafuna chithunzi chokumbutsa za chitini. Apa silikufuna kanthu, chifukwa chitini chopanda kanthu chija chikadali pakhonde pamene aliyense akuchiona.

Kupita kwa nthawi ndi nkhani yaifupi. Filimu imaonetsa tizithunzi tambiri motsatizana, usipa ukuyanikidwa, ukuuma, ukupakidwa, kuti tidziwe kuti papita milungu. Pa siteji nyimbo imodzi ya ntchito ikwanira. Amayi aziimba akuyala ndi kuolera pa thandala, ndipo nyimbo ikamatha wina alowe atafunda juzi ndi mpango, anthu adziwa kuti nyengo yozizira yafika. Mawu a m'maganizo amene mufilimu amamveka munthu atatseka pakamwa, apa mungawapatse wofotokoza nthano woima pambali, kapena mwini wake atembenukire kwa oonera n'kulankhula nawo. Mukasankha njira imodzi, iyambitseni m'mphindi zoyambirira kuti anthu aizolowere. Ikatulukira koyamba kumapeto imadabwitsa.

Zilipo zina zimene siteji singathe, ndipo ndi bwino kuzivomereza msanga. Ngati nkhani yagona pa uthenga wa pafoni umene woonera ayenera kuwerenga yekha, kapena pa chithunzi chaching'ono chimene wina wapeza m'thumba, muyenera kusintha nkhaniyo kuti chinthucho chiwerengedwe mokweza ndi munthu amene ali ndi chifukwa chochiwerengera, kapena chilowedwe m'malo ndi chinthu chachikulu. Bwato kugubuduzika n'kumira kulinso m'gulu lomweli. Nsalu ikhoza kumuphimba msodzi, ng'oma n'kuduka mwadzidzidzi, koma musayese kuonetsa munthu akusambira pa simenti. Nthawi zambiri chimene chimagwira mtima ndi m'mawa mwake, mnyamata akubwera kudoko atanyamula nkhafi yokha, amayi n'kuizindikira asanauzidwe. Kaya Che Amidu apezeka amoyo ku gombe lina kapena ayi, zimenezo ndi za mwini nkhani.

Mukamaliza kulemba, mudzapeza kuti zigawo 36 zija zatsika kufika mwina pa 8 kapena 10, chilichonse chotalikirapo, ndipo sewero lonse lingapitirire theka la ola lija chifukwa kuyenda, kudikira ndi kuyankhana pa siteji kumadya nthawi imene kamera imadula.

Chotsala ndi kuyesa, ndipo muyesere m'malo enieni amene mukaonetsere, osati m'kalasi yaing'ono. Itanani anthu awiri kapena atatu amene nkhaniyi saidziwa. Mmodzi akhale pa mzere womalizira, wina kumapeto kwenikweni kwa mzere woyamba, kumene munthu amaona siteji chammbali. Chitani chigawo cha chitini ndi cha usiku wa mphepo osalankhula mawu aliwonse, kenaka muwafunse mafunso atatu: ndani amafuna chiyani, amaopa ndani, ndipo inu mumayang'ana kuti? Musawafunse ngati chawakomera, chifukwa adzakuyankhani mwaulemu. Wakumbuyo akati amayi amafuna kuphika, ndiye kuti chitini n'chaching'ono kapena simunachionetse mokwanira poyamba. Wachammbali akati sanaone bambo akutembenuka, ndiye kuti mtondo kapena amayi akuwatchinga, ndipo mphasa iyenera kusunthira kutsogolo. Onse akati maso awo anali pa anthu ogwedeza nsalu, avalikeni zakuda ogwira nsaluwo, agwade, ndipo achepetse mphamvu mpaka msodzi akhale ndiye chinthu chachikulu chimene chikuyenda. Mukakonza, itanani anthu ena atsopano, chifukwa oyamba aja nkhani aidziwa kale ndipo aziona ngakhale zimene simunaonetse.